Pempho likakakamira pa dzina la bwana amene palibe

M'maofesi a ku Tete, ku Mowatize ngakhale ku Ulongwe, munthu ukafunsa chifukwa chake katundu sanagulidwe kapena ndalama za ulendo sizinatuluke, yankho lake limakhala lodziwika kale: “Zikudikira a shefi.” Ukafunsitsa, upeza kuti palibe amene wakana. Pempho lili bwinobwino, ndalama zilipo, mapepala onse ndi okwanira. Chasowa ndi dzanja la munthu mmodzi, ndipo munthuyo ali pa tchuthi, ali ku msonkhano ku Maputo, wagonekedwa m'chipatala kapena wapita ku maliro.

Kale pempho linkakhala pepala mu fayilo, ndipo mlembi wanzeru ankatha kulinyamula n'kupita nalo kwa wachiwiri wa bwana. Lero makampani ambiri ndi mabungwe amayendetsa mapempho pa kompyuta, ndipo kompyuta ilibe nzeru zotero. Pempho likalembedwa, pulogalamu imayang'ana mndandanda umene inapatsidwa, n'kulitumiza ku dzina la munthu mmodzi. Kuchokera apo chikalatacho chimatsekeka. Wolemba sangachisinthe, wa zogula sangatulutse oda, wa ndalama sangalipire. Chimangokhala pomwepo mpaka mwini dzinalo adzachitsegule. Vuto lonse lagona pamenepa, pakuti ntchito ndi ya mpando koma pempho limapita kwa munthu, ndipo munthu amachoka pomwe mpando sukuchoka.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze kampani yogulitsa ndi kubwereketsa zipangizo za ulimi. Likulu lake lili mu mzinda wa Tete, ndipo ili ndi nyumba zosungiramo katundu ku Ulongwe, m'boma la Angoniya, ndi ku Furankungo, m'boma la Makanga. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza, koma kayendedwe kake ndi kamene mungakapeze m'makampani ambiri. Malamulo a kampaniyi amati mkulu wa nyumba yosungiramo katundu akhoza kuvomereza zogula zosapitirira mametikali 50,000. Kuposa apo, mpaka 500,000, amavomereza ndi mkulu wa ntchito za m'madera, amene amakhala ku Tete. Zopitirira 500,000 zimapita kwa dayirekitala.

Ndi Lolemba, Novembala ali mkati, mitambo yayamba kusonkhana. Feteleza ali ku Tete koma alimi akumuyembekezera ku Furankungo. Mayi amene amayang'anira za mayendedwe apeza mwini malole amene wavomera kunyamula matumba 1,800 a makilogalamu 50 pa malole atatu, lole iliyonse matumba 600, kutanthauza matani 30. Mtengo wake ndi mametikali 70,000 pa lole, zonse pamodzi 210,000. Mwini malole wanena kuti mtengowo augwira mpaka Lachisanu, chifukwa nyengo imeneyi aliyense akusaka lole. Mayiwo alemba pempho masana a Lolemba lomwelo, ndipo popeza 210,000 yaposa 50,000, pulogalamu ilitumiza kwa mkulu wa ntchito za m'madera. Usiku womwewo mkuluyo alandira uthenga wa zovuta kumudzi kwawo ku Tsangano. Mbandakucha wa Lachiwiri ali kale pa msewu, ndipo kumudziko foni imagwira mukakwera pachulu. Palibe munthu wamaganizo abwino amene angamudzudzule chifukwa chosatsegula laputopu pa siwa.

Lachitatu likamakwana, anthu a mu ofesi amayamba kufunafuna njira zachidule, ndipo njira zake ndi zomwezomwezo kulikonse. Yoyamba ndi kupempha pasiwedi ya bwana. Mlembi amayimba foni, bwana ali pakati pa anthu olira amatchula pasiwedi mofulumira, mlembiyo n'kulowa m'dzina lawo n'kudina batani lovomereza. Malole amanyamuka ndithu, koma kaundula wa pulogalamu walemba bodza. Walemba kuti bwana anawerenga pempho ndi kulivomereza Lachitatu nthawi ya 10 koloko, pa kompyuta ya mu ofesi ya ku Tete, pomwe tsiku limenelo anali kumanda ku Tsangano. Wowerengera mabuku akadzayika pepala la tchuthi pambali pa kaundulayo, sizimutengera nthawi kuona. Ndipo lole imodzi ikadzafika ndi matumba operewera, funso loti anavomereza ndani limakhala lopanda yankho loona. Bwana adzati sanaone mapepala, mlembi adzati anangotumidwa. Komanso pasiwedi ija sitsegula pempho limodzi lokha. Imatsegula chilichonse chimene bwanayo ali ndi mphamvu pa icho, ndipo kawirikawiri siisinthidwa akabwerako.

Njira yachiwiri ndi yogawa pempho. Wina amati, popeza mkulu wa ku Furankungo amatha kuvomereza mpaka 50,000, tilembe mapempho asanu a 42,000 lililonse. Imeneyi ndi yoipa kuposa yoyamba ija, chifukwa ndi kuzemba malire mwadala. Nayonso imaonekera poyera: mapempho asanu a tsiku limodzi, a wogulitsa mmodzi, a ntchito imodzi, onse ali pansi pang'ono pa malire, pomwe malole ndi atatu. Yachitatu ndi uthenga wa pa foni woti “pitirizani, ndidzasayina ndikabwera.” Uthengawu umathandiza kutsitsa mtima, koma sutsegula chikalata mu pulogalamu, choncho oda imatuluka kunja kwa dongosolo, ndipo fatura ya mwini malole ikadzafika, a ndalama amasowa chikalata choigwirizanitsa nacho. Mwini malole amadikira malipiro ake milungu ingapo chifukwa cha zimenezi, ndipo chaka chamawa amakweza mtengo kapena kukana kumene.

Ine sindiwaona anthu ochita zimenezi ngati akuba. Ambiri amakhala akufunitsitsa kuti feteleza afike mvula isanakhazikike, misewu ya dothi isanasanduke matope. Cholakwika chili ndi kampani imene inaika loko pa chitseko koma kiyi n'kupereka kwa munthu mmodzi yekha.

Lamulo lopatsirana mphamvu limathetsa zimenezi ponena pasadakhale kuti mwini mpando akapanda kupezeka, uje ndi amene avomereze, m'dzina lake la iye mwini wogwirizirayo, pa zinthu zakutizakuti, mpaka ndalama zakuti, kuyambira tsiku lakuti kufikira lakuti. Chachikulu apa ndi chakuti wogwirizira amalowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Kaundula amalemba zoona, kuti pempho linali la mkulu wa ntchito za m'madera, linasamutsidwira kwa uje pa tsiku lakuti, ndipo uje ndiye anavomereza. Aliyense amasenza mbali yake: wogwirizira amayankha pa chimene wavomereza, mwini mpando amayankha pa kusankha kwake munthuyo ndi pa malire amene anamuikira.

Zimenezi si nzeru za makompyuta. M'maofesi a boma la Mozambiki zinalembedwa kale m'malamulo, monga Dekireto 30/2001 ya pa 15 Okutobala 2001, yonena za kagwiridwe ka ntchito m'maofesi a boma, ndi Lamulo 14/2011 la pa 10 Ogasiti 2011, lonena za momwe maofesiwo amapangira zigamulo zawo. Malamulowa amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amakonda kuziphatikiza. China ndi kupereka mbali ya mphamvu zako kwa wina iwe ulipo, kuti ntchito ichepe pa tebulo lako. China ndi kulowa m'malo mwa munthu amene palibe kapena sangathe kugwira ntchito. Pa kupereka mphamvu, chikalata chake chiyenera kutchula mphamvu zimene zikuperekedwazo, chimalengezedwa mu Boletim da República, nyuzi ya boma yofalitsa malamulo, wolandira ayenera kulemba kuti akusayina ndi mphamvu zopatsidwa, ndipo wopereka akhoza kuzitenganso kapena kuitanitsa nkhani inayake kuti aiweruze yekha. Kampani yoyima payokha siimangidwa ndi malamulo awiriwa, imayendera malamulo ake a m'kati, koma mfundo zake ndi zoyenera kubwereka, chifukwa zimayankha mafunso omwewo: wapatsidwa chiyani, anthu adziwa bwanji, ndipo zidzatha liti.

Tsopano tibwerere ku pempho la malole lija, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapunthwa ngakhale ali ndi pulogalamu yabwino. Malamulo opatsirana mphamvu amayamba kugwira ntchito m'njira ziwiri zosiyana. Njira yoyamba ndi ya masiku oikika. Bwana akudziwa kuti akupita ku tchuthi cha masiku 30, ndiye asanachoke amalowa mu pulogalamu n'kulemba tsiku loyambira, tsiku lothera ndi dzina la wogwirizira. Njira imeneyi ndi yabwino pa tchuthi, pa maphunziro ndi pa maulendo okonzekera. Koma maliro salengezedwa pasadakhale, ngakhalenso malungo. Mkulu uja wanyamuka mbandakucha osatsegula kompyuta, choncho lamulo la masiku oikika palibe amene walilemba. Kampani imene imadalira njira yokhayi yadziteteza ku kusowa kumene kunali kosavuta kale, n'kusiya kumene kumapweteka.

Njira yachiwiri ndi ya wogwirizira wokhazikika. Munthu aliyense wovomereza amakhala ndi dzina la womugwirizira lolembedwa nthawi zonse, kaya alipo kaya palibe, ndipo pempho limasamukira kwa wogwirizirayo likakhala nthawi yakutiyakuti osakhudzidwa, kapena munthu wopatsidwa udindo woyang'anira dongosololi akalisamutsa ndi dzanja. Chitsanzo chooneka bwino chili mu pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Business Central. Pa tsamba la Approval User Setup, mzere wa munthu aliyense uli ndi malo a malire a ndalama zake, malo a Approver ID olembapo womuvomerezera, ndi malo a Substitute olembapo womugwirizira. Munthu mmodzi amaikidwa kukhala Approval Administrator, kutanthauza woyang'anira dongosolo. Pempho likakakamira, mwini wake kapena woyang'anirayo amadina Delegate, ndipo pulogalamu imalipereka kwa Substitute. Ngati malo amenewo ali opanda dzina imalipereka kwa womuvomerezera munthuyo, ndipo ngati nayenso sanalembedwe imalipereka kwa woyang'anira. Pa tsamba lina palinso malo otchedwa Delegate After, pamene mumasankha kuti pempho lizisamuka lokha pakapita tsiku limodzi, awiri kapena asanu. Kusamuka kokhakoku kumadalira ntchito ina imene imayenda mobisika pa nthawi zoikika, ndipo ntchitoyo ikaima kapena ikakhala kuti sinakhazikitsidwe, palibe chimene chimasamuka ngakhale pa sikirini palembedwa masiku awiri. Mapulogalamu ena ali ndi mayina awo, mwachitsanzo a Oracle amati Vacation Rules, koma funso lofunsa ndi limodzi: lamuloli limayamba ndi dzanja la bwana, kapena limatha kuyamba iye kulibe?

Tinene kuti kampani yathu ija inaika wogwirizira wokhazikika ndi malire a masiku awiri. Pempho linalembedwa Lolemba masana, ndiye Lachitatu masana lisamukira kwa wogwirizira. Iye aliwerenga, aona makotesheni, avomereza, oda ituluka Lachinayi m'mawa, malole apakira tsiku lomwelo, mtengo usanasinthe. Koma kampaniyo ikanasankha masiku asanu, pempho likanasamuka Loweruka, kapena Lolemba lotsatira ngati pulogalamuyo imawerenga masiku a ntchito okha, mtengo wa mwini malole utatha kale Lachisanu. Choncho nambala ya masiku siisankhidwa pongoganiza. Imachokera pa kutalika kwa nthawi imene ogulitsa anu amagwira mitengo yawo, ndipo iyenera kukhala yochepa kuposa pamenepo, kuti wogwirizira akhale ndi mpata wowerenga ndipo a zogula akhale ndi mpata wotulutsa oda. Tsiku limodzi nalo lili ndi vuto lake. Bwana amene wangopita ku Ulongwe m'mawa, ulendo wa makilomita opitirira 200, n'kubwerako mawa lake, apeza zinthu zimene ankafuna kuziona yekha zitavomerezedwa kale. Kwa zogula za tsiku ndi tsiku, ine ndimaona kuti masiku awiri ndi pabwino, koma mkati mwa nyengo yogawa feteleza ndi mbewu woyang'anira dongosolo azikhala wokonzeka kusamutsa ndi dzanja akangomva kuti bwana wachoka mwadzidzidzi, osadikira wotchi.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale bwana wosamala. Tiyerekeze kuti mkulu uja, ali pa msewu Lachiwiri m'mawa, wayimitsa galimoto pa Zobwe pamene netiweki ili bwino, n'kulemba lamulo pa foni kuti kuyambira lero mapempho ake azipita kwa wogwirizira. Iye akupita ku maliro mtima uli m'malo. Koma m'mapulogalamu ambiri lamulo lotere limagwira mapempho atsopano okha, amene afike lamulo litayamba. Pempho la malole linafika Lolemba, linagawidwa kale ku dzina lake, ndipo limakhalabe komweko. Wogwirizira akutsegula kompyuta yake, akuona timapempho ta Lachiwiri ndi Lachitatu, ta mafuta ndi ta ndalama za ulendo, akuvomereza, akuganiza kuti zonse zili m'manja. Mayi wa za mayendedwe akamufunsa, iye akuyankha moona mtima kuti kwa iye kulibe chimene chikudikira. Onse awiri akunena zoona, ndipo malole ali chiimire. Mapulogalamu ena amachita mosiyana, amatsegulira wogwirizira bokosi lonse la bwana, zakale ndi zatsopano zomwe. Musadikire tsiku la vuto kuti mudziwe mtundu umene muli nawo. Yesani tsiku lopanda phuma: lembani pempho la ndalama zochepa, lifike kwa bwana, kenako yatsani lamulo, muone ngati wogwirizira akuliona. Ngati sakuliona, ndiye kuti pa ndondomeko yanu yochokera pa ofesi payenera kukhala mzere wonena kuti bwana, kapena woyang'anira dongosolo, asamutse ndi dzanja zonse zimene zili kale pa mzere.

Kusankha wogwirizira kumafunanso kuganiza. Mwachibadwa bwana amasankha munthu amene amamudalira kwambiri, ndipo munthu ameneyo nthawi zambiri ndi yemweyo amene amalemba mapempho ambiri. Mu nkhani yathu, ngati wogwirizira ali mayi wa za mayendedwe uja, ndiye kuti Lachitatu pempho lake lomwe libwerera kwa iye kuti alivomereze. Wapeza yekha mwini malole, wakambirana yekha mtengo, wavomereza yekha 210,000. Ngakhale mayiwo akhale wokhulupirika chotani, cholinga chonse cha kuvomereza, chakuti maso awiri aone ndalama zisanatuluke, chafa. Boma nalo limasamala zimenezi: mu e-SISTAFE, dongosolo loyendetsera ndalama za boma, ntchito yolembetsa ndalama zoti zigwiritsidwe ntchito, yoyendera ngati zili m'malamulo ndi yolipira zimagawidwa kwa anthu osiyana. Lamulo labwino limanena kuti pempho lolembedwa ndi wogwirizira lizikwera kwa dayirekitala. Mapulogalamu ena amatseka okha khomo limeneli, ena satseka, ndiye nachonso n'choyesa. Njira yosavuta ndi kusankha wogwirizira wa msinkhu wofanana ndi bwanayo koma wa nthambi ina, monga mkulu wa za malonda, m'malo mwa wa pansi pake. Iye sadziwa za malole ngati mayi uja, koma akhoza kufunsa mafunso oyenera: makotesheni ndi angati, mtengo wa chaka chatha unali wotani, bajeti ya mayendedwe yatsala zingati.

Malire a ndalama ndi nkhani ina yofunika kuilemba momveka. Wogwirizira akalandira pempho, amavomereza ndi malire ake kapena ndi a bwana? Ngati ndi ake, ndipo ake ndi 50,000, pempho la 210,000 lidzangodutsa pa iye n'kukakakamiranso kwina, ndipo lamulo silinathandize kanthu. Ngati ndi a bwana onse, munthu amene dzulo sakanatha kuvomereza 60,000 lero akuvomereza 500,000. Kampani zambiri zimasankha pakati, monga kunena kuti wogwirizira avomereze mpaka 250,000 pa zinthu zimene zili kale mu bajeti, ndipo zoposa apo zikwere kwa dayirekitala. Zinthu zina zisamaperekedwe n'komwe: kulembetsa wogulitsa watsopano, kusintha nambala ya akaunti ya banki ya wogulitsa, kukweza malipiro a antchito, kufafaniza ngongole ya mlimi. Zimenezi zikhoza kudikira sabata imodzi popanda chowonongeka, ndipo ndi zomwe anthu achinyengo amakonda kuzikankha nthawi imene bwana palibe, podziwa kuti wogwirizira sadziwa mbiri yake.

Nanga wogwirizira naye akachoka? Zimachitika kwambiri mu Disembala ndi Januwale, pamene anthu ambiri amatenga tchuthi. Mkulu wa ntchito za m'madera walemba kuti womugwirizira ndi mkulu wa za malonda, wa za malonda naye walemba kuti womugwirizira ndi wa ntchito za m'madera, ndipo onse awiri achoka sabata imodzi. Pempho limangozungulira pakati pawo kapena kuima pa mmodzi. Mankhwala ake si a pa kompyuta kwenikweni. A za antchito asavomereze tchuthi cha anthu awiri ogwirizirana pa masiku ofanana, ndipo mzere wa ogwirizira uzithera kwa munthu wapamwamba, osati kubwerera kumene unayambira. Wogwirizira asaloledwenso kupatsira mphamvuzo munthu wachitatu pokhapokha chikalata chitanena choncho, apo ayi mphamvu za 500,000 zimatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kufika kwa kalaliki amene palibe anamusankha.

Kudziwa kuti zinthu zakakamira sikufuna luso lalikulu, koma kumafuna munthu woyang'ana. Pulogalamu iliyonse yotere imatha kuonetsa mndandanda wa mapempho onse amene akudikira, dzina la amene akumudikira ndi tsiku limene pempho linafika kwa iye. Woyang'anira dongosolo azitsegula mndandandawu m'mawa uliwonse n'kuusanja kuyambira pa akale kwambiri. Mapempho ambiri akawunjikana pa dzina limodzi, ndipo onse anayamba kudikira tsiku limodzi, munthuyo palibe. Ngati pa dzina la bwana pali mapempho akale okha pomwe atsopano akupita kwa wogwirizira, ndi msampha uja wa lamulo logwira zatsopano zokha. Ngati pempho lapitirira masiku oikika koma silinasamuke, ntchito yobisika ija yaima. Ndipo ngati pempho limodzi likuonetsa kuti lasamutsidwa kangapo pakati pa mayina awiri, ndi ogwirizirana aja amene achoka limodzi. Mndandanda womwewu umaululanso vuto lina lochititsa manyazi, la mapempho amene akupitabe ku dzina la munthu amene anasiya ntchito miyezi yapitayo, chifukwa a za antchito anamuchotsa pa malipiro koma palibe anamuchotsa pa mzere wa ovomereza.

Pali malire amodzi amene lamulo la m'kati mwa kampani silingawoloke, ndipo ndi bwino kuwadziwa kuti musanamize mwini malole. Kuvomereza pempho mu pulogalamu yanu si kusayina ku banki. Banki imadziwa okhawo amene analembedwa pa fomu yake ya masiginecha, ndipo akaunti zambiri za makampani zimafuna anthu awiri. Ngati mkulu amene wapita ku Tsangano ndi mmodzi mwa osayina awiri okha, wogwirizira akhoza kuvomereza oda, malole n'kunyamuka, koma ndalama sizituluka mpaka iye atabwera. Kuwonjezera wosayina kumafuna chikalata cha msonkhano wa eni kampani kapena chikalata chopereka mphamvu chotsimikizidwa kwa notariyo, kenako banki iunike, ndipo zimenezi sizitheka tsiku limodzi. N'chifukwa chake kampani yoganiza bwino imalembetsa osayina atatu pamene pakufunika awiri. Ngati mwini malole uja anafuna theka la ndalama, 105,000, asanapakire, ndiye kuti pa Lachinayi chimene chikanatsekereza ulendo ndi banki, osati pulogalamu.

Mkulu uja akabwerako Lolemba lotsatira, ntchito yoyamba ndi kuzimitsa lamulo ngati linali la dzanja. Malamulo opanda tsiku lothera ndi amene amasanduka mphamvu zokhalitsa mwakachetechete, moti patapita chaka mupeza wogwirizira akuvomerezabe zinthu bwana ali mu ofesi yoyandikana nayo. Kenako atulutse mndandanda wa zonse zimene zinavomerezedwa m'malo mwake, akhale pansi ndi wogwirizira, adutsemo chimodzichimodzi. Sakuvomerezanso kachiwiri, pakuti chimene wogwirizira anavomereza mkati mwa malire ake n'chovomerezeka kale, ndipo mwini malole sangauzidwe kuti oda yafafanizidwa feteleza atatsitsidwa ku Furankungo. Akuyang'ana kuti adziwe zimene bajeti yake yasenza, ndi kuona ngati pali chimene chinadutsa malire. Akapeza kuti mtengo wa 70,000 pa lole unali wokwera poyerekeza ndi wa chaka chatha, nkhaniyo ndi yokambirana ndi wogwirizira ndi mayi wa za mayendedwe, ndipo ngati pakufunika, awonjezere mzere m'chikalata chopereka mphamvu wonena kuti pa mayendedwe opitirira 100,000 wogwirizira aziona makotesheni atatu asanavomereze.